Filimu ya kusamuka kwa likulu: oonera akutopa mphindi yachinayi isanakwane

Tadala

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikukonza filimu ya mphindi 26 yonena za kusamuka kwa likulu la dziko kuchoka ku Zomba kubwera kuno ku Lilongwe. Ndacheza ndi anthu anayi: agogo aamuna amene mudzi wawo unasamutsidwa pomanga mzinda watsopano, bambo wina amene anali mmisiri womanga ku Capital Hill, mayi amene anali mlembi m'boma ndipo anasamuka ndi ofesi yawo kuchoka ku Zomba, komanso mphunzitsi wa mbiri yakale. Zakale ndili ndi kanema wopanda mawu wa mphindi ngati zitatu, zithunzi zojambula, ndi masamba a nyuzipepala. Ndinaonetsa anzanga ku Area 25 ndipo mphindi yachinayi isanakwane ena anali atayamba kale kudina mafoni. Nkhaniyo ndi yabwino, zimenezo sindikukayika. Koma skiripiti yanga ikuyenda ngati yolemedwa. Ndiyambire pati?

Bambo Jere

Achemwali, tisanalankhule zambiri tilembereni mphindi zisanu ndi imodzi zoyambirira monga zilili. Ndani akulankhula, kuyambira pati mpaka pati, ndipo maso akuona chiyani nthawi imeneyo.

Tadala

Zili chonchi bambo.

0:00 mpaka 0:35, nyimbo ndi zithunzi za doloni pamwamba pa mzinda, kenako mutu wa filimu.

0:35 mpaka 3:10, wofotokoza. Akuyamba ndi Lilongwe ali kaboma kakang'ono nthawi ya atsamunda, chifukwa chake Dr Banda anafuna likulu pakati pa dziko, kukana kwa Britain kupereka ndalama, ngongole ya South Africa, kukhazikitsidwa kwa Capital City Development Corporation mu 1968, mpaka 1975 pamene Lilongwe inakhala likulu. Pansi pa mawuwa ndaika kanema wakale uja.

3:10 mpaka 5:20, mphunzitsi wa mbiri.

5:20 mpaka 6:00, wofotokoza akutidziwitsa za agogo aja, ndiyeno agogowo akuyamba.

Chiko

Vuto laonekeratu asisi. Zidutswa zanu ndi zazitali. Masiku ano munthu sapirira, anazolowera TikTok. Lamulo langa ndi lakuti munthu asalankhule kupitirira masekondi 20, ndipo chithunzi chizisintha masekondi anayi kapena asanu alionse. Mukatero palibe wogona.

Bambo Jere

Chiko, pa kutalika kwa wofotokoza ndikugwirizana nawe, mphindi ziwiri ndi theka osapuma ndi zambiri. Koma lamulo la masekondi 20 silingachize filimu imeneyi. Ataduladula mphunzitsi uja m'tizidutswa ting'onoting'ono, anthu adzatopabe, kungoti adzatopa ndi zinthu zothamanga.

Taonani zimene zachitika, achemwali. Pofika 3:10 wofotokoza wamaliza nkhani yonse. Watiuza chifukwa chake, watiuza kumene kunachokera ndalama, watiuza chaka chimene zinatheka. Woonera alibenso funso m'mutu. Ndiye mphunzitsi akubwera. Ndikufunseni: m'mphindi ziwiri zakezo akunena chiyani chimene wofotokoza sananene?

Tadala

Akufotokoza zomwezo koma mozama, makamaka za ngongole ya South Africa.

Bambo Jere

Apo ndi pamene mafoni akutulukira. Woonera wamva kale za ngongoleyo pa 2:00, ndiye akamva munthu wina akuyambanso nkhani yomweyo amadziwa kuti angathe kuyang'ana kumbali osataya kanthu. Akangophunzira zimenezo kamodzi, filimu yonse amaionera ndi khutu limodzi.

Ine ndimagawa ntchito motere. Munthu amene mwacheza naye anene zimene anaona ndi zimene zinamukhudza, chifukwa zimenezo wofotokoza sangazinene popanda kumveka wabodza. Wofotokoza anene zimene palibe wina wazinena bwino: chaka, malo, ndi kutiwolotsa kuchoka pa mfundo ina kupita pa ina. Zithunzi zakale zikhale umboni, zionetse kuti zimene tamvazo zinachitikadi ndipo zinkaoneka motere. Mfundo imodzi inyamulidwe ndi mmodzi mwa atatuwa. Mukapeza kuti awiri akunyamula chinthu chimodzi, wina atule, ndipo nthawi zambiri wotula ndi wofotokoza.

Chachiwiri, agogo anu akufika mochedwa kwambiri. Munthu amene anataya mudzi ndiye mtima wa filimuyi, koma tikumuona pa mphindi yachisanu ndi chimodzi. Pa zonse zimene ananena, ndi mawu ati amene inuyo munakhala chete mutawamva?

Tadala

Pali pamene akunena kuti anthu anabwera kudzakhoma zikhomo m'munda mwawo chimanga chili m'mawondo, ndipo bambo awo anafunsa kuti nanga manda atani. Akamaliza amakhala chete kanthawi, kenako amaloza ndi dzanja n'kunena kuti pamene pali msewu paja panali mtengo wa mango wa amayi awo. Zonse pamodzi ndi masekondi 50.

Bambo Jere

Chiyambi cha filimu yanu ndi chimenecho. Yesani dongosolo ili papepala musanakhudze kompyuta.

Masekondi 10 oyambirira tione msewu umene akunenawo monga ulili lero, ndi phokoso lake lenileni, maminibasi ndi anthu, popanda nyimbo. Mawu a agogo ayambe tikadali pamsewupo, nkhope yawo ibwere pambuyo pa chiganizo choyamba. Kumeneku ndi kumene akonzi amati jei-kati, ndipo ubwino wake ndi wakuti khutu limatsogola, maso n'kumafuna kuona amene akulankhulayo. Asiyeni alankhule masekondi 50 onsewo, ndi kukhala chete kuja komwe.

Atangoloza za mtengo wa mango, lowetsani kanema wakale wa matalakitala akugumula tchire, ngati muli naye. Masekondi asanu ndi atatu kapena khumi, wofotokoza ali duu. Woonera payekha alumikiza zikhomo zija ndi matalakitalawo, ndipo funso labadwa: ndani analamula zimenezi, ndipo chifukwa chiyani pano?

Tsopano wofotokoza alowe, ziganizo zitatu basi. Anene kuti likulu linali ku Zomba, kuti boma la Dr Banda linaganiza zolisamutsira pakati pa dziko, ndi kuti Britain inakana kulipira. Aime pomwepo. Asanene kumene ndalama zinachokera. Mphunzitsi ndiye ayankhe kuti zinachokera ku South Africa ya tsankho, nthawi imene maiko ambiri a mu Africa ankaisala. Pa mphindi ziwiri zake mutengepo masekondi 30 kapena 35 amene akunena zimenezo, zinazo musunge. Mukawerengetsa, pofika 2:30 tamva anthu awiri, taona lero ndi kale, ndipo chaka cha 1975 sitinachitchule n'komwe. Chisungeni, chidzagwira ntchito mayi mlembi uja akamafotokoza tsiku limene ananyamula mafailo.

Mayi Nachisale

Ine ndimalemba za pa wailesi, koma ndiponyeko limodzi pa wofotokozayo. Ambiri timalemba mawu m'Chingerezi, n'kuyeza nthawi yake, kenako n'kumasulira. Chichewa chikabwera chimatalika ndipo chimasefukira pa zithunzi. Wowerenga amayamba kuthamanga kuti akwanitse, ndipo munthu wothamanga satsatirika. Lembani m'Chichewa kuyambira pachiyambi, werengani mokweza muli ndi wotchi m'manja. Ine ndikawerenga modekha, mawu 100 amandidyera pafupifupi mphindi yathunthu. Ndiye ngati malo anu ndi masekondi 20, muli ndi mawu 30 kapena 35 okha. Zimaoneka zochepa papepala, koma ndi zokwanira.

Komanso chiganizo chimodzi chisanyamule zaka ziwiri. Mukanena 1968 ndi 1975 mu mpweya umodzi, palibe chimene chitsale m'mutu mwa munthu. Pa wailesi tilibe pothawira, koma inu muli napo: chaka china chilembeni pa sikirini, pakamwa pasatuluke.

Mavuto

Ngati vuto ndi loti ikuchedwa, mu Premiere Pro dinani kumanja pa kachidutswako, musankhe Speed/Duration muike 110 kapena 115. Anthu sazindikira. Ine ndimatero ndi mavidiyo a ukwati pa zolankhula za ankhoswe.

Mayi Nachisale

Achimwene, kuchedwa kumene akunena si kumeneko. Ndipo agogo akufotokoza za manda a makolo awo simungawathamangitse pakamwa. Zimamveka, makamaka kwa ife amene timadziwa mmene munthu wamkulu amalankhulira.

Chiko

Chabwino, koma masekondi 50 pa nkhope imodzi pachiyambi penipeni? Ine ndikuopabe. Pa YouTube Studio mukaona mzere wa Audience retention, anthu ambiri amathawa m'masekondi 30 oyambirira.

Bambo Jere

Zoti anthu amathawa koyambirira ndi zoona, n'chifukwa chake masekondi 35 a doloni ndi nyimbo ayenera kuchoka. Aliyense wa kuno anaona kale Lilongwe kuchokera m'mwamba. Koma kutalika kwa kachidutswa sikuyezedwa ndi wotchi yokha. Funso ndi lakuti munthuyo akupitabe patsogolo kapena wayamba kuzungulira. Agogo aja m'masekondi 50 akutipatsa zinthu zitatu zotsatizana: zikhomo, manda, mtengo wa mango. Chilichonse n'cholemera kuposa chinzake. Mphunzitsi akhoza kutopetsa m'masekondi 25 ngati chiganizo chachiwiri chikungobwereza choyamba.

Chimene Chiko akunena chimathandiza pena. Ngati zidutswa zonse zili zofanana kutalika, masekondi 30, 30, 30, wofotokoza, munthu, zakale, wofotokoza, munthu, zakale, woonera amagwira kayendedweko ndipo amayamba kuodzera. Zili ngati ng'oma ya gule yongogunda mofanana osasintha, ovina amafooka. Pambuyo pa kachidutswa kakatali kolemera, ikani tiwiri tatifupi. Mwachitsanzo mmisiri uja anene chiganizo chimodzi, mayi mlembi amuyankhe ndi chimodzi chotsutsana nacho, wofotokoza asalowererepo. Njira yosavuta yoonera zimenezi ndi kupaka mitundu pa taimulaini: anthu olankhula mtundu wina, wofotokoza wina, zakale wina. Mukachepetsa kuti filimu yonse ioneke pa sikirini imodzi, muona nokha pamene pali chigamba chachitali cha mtundu umodzi, kapena pamene mitunduyo ikungosinthana ngati mizere ya nsalu.

Tadala

Ndapaka. Zikuonetsa kuti kanema wakale yense ndamuthera m'mphindi zitatu zoyambirira, ndipo kuchokera pa 9:00 mpaka 17:00 ndi nkhope zokhazokha.

Bambo Jere

Limenelo ndi vuto la tonse amene timapanga mafilimu a mbiri ya kuno. Wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba mu 1999, ndiye za m'ma 1970 kanema wake ndi wochepa, wambiri anajambulidwa ndi a zofalitsa nkhani za boma ndipo amaonetsa miyambo ya boma kuposa moyo wa anthu wamba. Mphindi zitatu zimene muli nazo ndi chuma, musazimwaze pansi pa mawu a wofotokoza ngati chophimbira.

Onerani kanemayo kachidutswa ndi kachidutswa, mulembe chimene chili m'menemo, ndipo chilichonse muchipezere munthu amene akuchinena. Amisiri ali pa makwerero apite kwa bambo womanga uja. Magalimoto onyamula katundu apite kwa mayi mlembi. Mukatero kanemayo afalikira yekha m'filimu yonse. Ndipo kachidutswa kamodzi musakagwiritse ntchito kawiri, pokhapokha ngati kachiwiriko tikukaona ndi maso ena chifukwa cha zimene tamva pakatipo.

Kachidutswa kakale kamafunanso nthawi yoti maso azolowere. Chithunzi chake n'chosaoneka bwino, n'chopapatiza chifukwa ndi cha 4:3 pamene chanu ndi 16:9, ndipo woonera amafuna masekondi awiri kapena atatu kuti adziwe chimene akuona. Wofotokoza akayamba kulankhula pa sekondi yoyamba, khutu ndi diso zimalimbana ndipo chimodzi chimagonja. Mulole chithunzi chifike kaye. Musachikoke m'mbali kuti chidzaze sikirini, anthu amaoneka onenepa ndipo ulemu wake umatha.

Mayi Nachisale

Pa malo a nkhope zokhazokhawo musaiwale mawu akale. MBC yakhala ikuulutsa kuyambira 1964, ndiye za nthawi imeneyo mawu alipo ambiri kuposa kanema. Mawu a wailesi pamwamba pa chithunzi chojambula chimodzi amagwira munthu kwambiri. Ndipo ku National Archives ku Zomba kuli mapepala ndi nyuzipepala. Tsamba la nyuzipepala musalionetse lonse, palibe angawerenge. Yandikitsani pa mutu wankhani wokha, muusiye nthawi yokwanira kuuwerenga kawiri, wofotokoza ali chete.

Yamikani

Ine funso langa ndi losiyana pang'ono koma likukhudza zomwezi. Ndinapanga filimu ya alimi a fodya ya bungwe lina, anthu akulankhula Chichewa koma pansi pali mawu a Chingerezi chifukwa opereka ndalama ndi akunja. Anadandaula kuti sakutha kutsatira, pamene anzanga a kuno anati ili bwinobwino. Filimu imodzi yomweyo. Ndiye liwiro loyenera ndi la ndani?

Bambo Jere

Onse awiri ananena zoona. Wowerenga mawu apansi maso ake ali pa zilembo, ndiye mukasintha chithunzi pakati pa chiganizo, kapena mukaika chithunzi chakale chofuna kuchiyang'anitsitsa nthawi yomweyo, iye saona kanthu. Mawuwo asapitirire mizere iwiri, ndipo zakale zofunika kwambiri muziike pamene palibe cholembedwa pansi. Tadala, ngati filimu yanu idzakhale ndi mawu apansi, masekondi khumi a matalakitala opanda wolankhula aja akhala ofunika kawiri.

Chiko

Nanga kanema wakale akachepa, bwanji osangotenga wa ku Blantyre wa zaka zomwezo? Matalakitala ndi matalakitala. Kapena kujambula lero n'kuchotsa mtundu.

Mayi Nachisale

Ayi Chiko, pamenepo ndakana. Anthu amene anamanga mzinda uno ena adakali moyo ku Kawale ndi ku Biwi, ndipo adzaonera. Mmodzi akangozindikira phiri la Ndirande kumbuyo kwa chithunzi chimene mukuti ndi Capital Hill, filimu yonse yasanduka yokayikitsa, ndi mawu a agogo aja omwe.

Bambo Jere

Ine sindikana kotheratu, bola mulembe pa sikirini kuti ndi Blantyre ndi chaka chake, ndiponso wofotokoza asanene chilichonse chopangitsa munthu kuganiza kuti ndi Lilongwe. Koma zochotsa mtundu kuti zioneke zakale, zimenezo ayi. Palinso kanthu kena pa kanema wopanda mawuyo. Ambiri timaikapo phokoso la injini ndi makasu kuti akhale wamoyo. Ndimachita, koma motsitsa kwambiri, ndipo sindiika mawu a anthu amene sanajambulidwe.

Mayi Nachisale

Ngakhale cholembedwacho, bambo, ndi angati amawerenga tizilembo ta pakona? Ine ndingakonde chithunzi chojambula chenicheni cha Lilongwe, ngakhale chosayenda, kuposa kanema wa kwina.

Tadala

Pamenepo ndiganizirabe. Koma ndakonza chiyambi monga munanenera ndipo ndakumana ndi china. Agogo amabwereza mawu. Amati "anabwera, anabwera ndithu, anabwera ndi zikhomo zawo." Ndikadula kubwerezako masekondi 50 atsika kufika 38, koma zikumveka ngati si iwo.

Bambo Jere

Pachiyambi pano musadule. Kubwerezako ndi kumene kukutiuza kuti zinawapweteka. Dulani pamene akusaka dzina la munthu, pamene akukonza chaka chimene alakwitsa, kapena pamene apatukira nkhani ya mitengo ya feteleza. Kusiyanitsa kwake ndi uku: tsekani maso mumvetsere. Ngati pa kukhala chetepo inuyo mukudikira mawu otsatira, kusiyeni. Ngati mwayamba kuganiza za kachidutswa kotsatira, kwatalika.

Mukadula pakati, malo odulawo aphimbeni ndi manja awo kapena ndi msewu uja, ndipo pansi pake muyale phokoso la pamalo pamene munajambulira kuti pasakhale bowo la zii. Ndikhulupirira munajambulako mphindi imodzi ya phokoso la pakhonde lawo popanda wolankhula.

Tadala

Ndinajambula, muli nkhuku ndi wailesi ya oyandikana nawo chapatali.

Mayi Nachisale

Nkhukuzo zili bwino, wailesiyo samalani nayo. Nyimbo ikadumpha pamalo odulawo aliyense adziwa kuti mwadula.

Koma ine pa zodula agogo ndili ndi nkhawa ina. Munthu wamkulu akamafotokoza amayamba ndi mibadwo, uje anabereka uje, tinachokera kwakuti. Kwa iwo nkhani ya mudzi imayambira pamenepo. Ife timadula zonsezo chifukwa woonera atopa, n'kutenga pokhapo pamene akhudzidwa. Akadzaonera ndi adzukulu awo, adzaona kuti tawalemekeza?

Bambo Jere

Funso limenelo ndilibe yankho lake lokwanira, mayi. Chimene ndimachita ndi kusunga kachidutswa kamodzi ka mibadwoyo chapakati pa filimu, woonera atawadziwa kale ndi kuwakonda. Pa 0:20 maina a makolo ndi katundu wolemera, koma pa 14:00, titamva za manda, maina omwewo ndi anthu amene agona m'mandamo. Tadala, m'chigawo chanu cha nkhope zokhazokha chija, yesani kuwaika pamenepo pamwamba pa zithunzi za malowo lero.

Mayi Nachisale

N'zothekadi, komabe ndinu amene mwasankha maina angati atsale.

Yamikani

Poyesanso musaitane anzanu omwe aja, akudziwa kale nkhaniyo. Pezani anthu atatu kapena anayi amene sanaionepo, wina wachikulire wina wachinyamata. Inu mukhale kumbuyo ndi pepala, muzilemba mphindi imene wina wagwira foni kapena wayamba kulankhula ndi mnzake. Pomaliza musafunse ngati yawasangalatsa, adzati eya chifukwa cha ulemu. Afunseni kuti akufotokozereni zimene aona. Chimene onse aiwala ndiye chofunika kuchiyang'ananso.

Bambo Jere

Ndipo pamene agwira foni si pamene pali vuto nthawi zonse. Bwererani m'mbuyo masekondi 30 kapena mphindi imodzi, mupeze pamene funso lomaliza linayankhidwa popanda kutsegula lina.

Tadala

Ndachita zimenezo pa chigawo cha mayi mlembi ndipo ndapeza kuti wofotokoza akunena kuti ogwira ntchito ambiri sankafuna kuchoka ku Zomba, kenako mayiwo akunena zomwezo. Ndachotsa chiganizo cha wofotokozacho, tsopano akungoti maofesi anayamba kusamuka, mayiwo n'kulowa ndi nkhani ya fumbi la ku Area 18 ndi mmene ankasowera mitengo ya ku Zomba. Filimu yatsika kufika mphindi 23 ndi masekondi 40. A wailesi ya kanema akufuna 26. Ndibwezeremo mphunzitsi uja kapena ndipitenso kwa bambo womanga ndikajambule zina?

Bambo Jere

Pitani kwa womangayo, ndipo mupite nawo ku Capital Hill komweko ngati mungapeze chilolezo chojambulira. Mutenge zithunzi zakale zija muwapatse m'manja, kamera ili yoyaka.